Nambala zitatu zoyenera kutola pachithunzi cha sitetimenti ya banki ndi ya masheya

Uthenga ukalowa pafoni wonena kuti muakaunti mwagwa K58,500 ya phindu la masheya, ambirife timalemba nambala yomweyo m'kope n'kunena kuti ndiyo tapeza. Koma ndalama yomwe kampani inagawa pa dzina lanu si imeneyo. Inagawa K65,000, n'kudulapo K6,500 ya msonkho yomwe inaipereka ku bungwe lotolera misonkho la MRA, ndipo yotsalayo ndiyo inakufikani. Mayi wogulitsa usipa kumsika wa Limbe amadziwa bwino zimenezi: ndalama yomwe wamanga pachitenje pobwerera kunyanja si mtengo womwe wagulitsira nsomba, chifukwa ya chiphaso chamumsika ndi ya galimoto yachokapo kale. Munthu wosunga kaundula wa msonkho ayenera kukhala ndi nambala zonse zitatu, yonse isanadulidwe, yodulidwayo, ndi yotsala, aziike pambali pa tsiku lomwe inalipidwa ndi dzina la yemwe analipira. Ntchito yonse yowerenga sitetimenti yagona pamenepa.

Kuno ku Mangochi vuto limakula chifukwa pepala lenilenilo silifika kawirikawiri. Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre, ndipo makampani ogulira ndi kugulitsira anthu masheya, omwe timangowatchula kuti mabuloka, ali m'mizinda. Anthu wamba ambiri analowa mumsikawu mu 2020, pomwe Airtel Malawi inagulitsa masheya ake pa K12.69 imodzi ndipo FDH Bank inagulitsa ake pa K10. Ena analembetsa keyala ya mwana wawo wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ena imelo ya mlamu. Choncho sitetimenti ikatuluka, chomwe chimafika ku Namwera, ku Makanjira kapena ku Monkey Bay ndi chithunzi cha pa WhatsApp, chojambulidwa mothamanga, mwina chopendekeka, mwina chodukira m'mphepete. Pachithunzi chotero ndi pomwe banja liyenera kutolapo nambala zoti likaonetse kwa a msonkho.

Yambani mwakonza chithunzicho

Musanawerenge kanthu, funsani ngati sitetimentiyo inabwera ngati PDF. Ngati inatero, wotumizayo akutumizireni PDF yomweyo, asajambule sikirini ya foni kapena ya kompyuta. Ngati ndi pepala, aliyale patebulo pafupi ndi khomo kapena pakhonde pomwe pali kuwala kwa masana koma popanda dzuwa lowomba mwachindunji, azimitse fulashi, ndipo foni aigwire molunjika pamwamba pa pepalalo kuti ngodya zonse zinayi zioneke. Fulashi imasiya chibanga choyera pakati penipeni pa tsamba, pomwe nthawi zambiri pamakhala nambala.

Potumiza asankhe `Document`, osati `Gallery`. Chithunzi chotumizidwa mwa njira yamasiku onse WhatsApp imachichepetsa kuti chisadye bandulo, ndipo choyamba kufufutika ndi timadontho ndi timipatuliro tam'nambala. Kadontho kakasowa, 59,835.62 imasanduka 5,983,562. Ngati malemba ndi aang'ono, ajambule tsamba lonse kamodzi, kenako ajambulenso theka lakumtunda ndi theka lakumunsi moyandikira, zithunzi ziwirizo zikumane pamizere iwiri kapena itatu yofanana kuti mutsimikize kuti palibe mzere wagwera pakati.

Chithunzi chikafika, yang'anani kaye kumutu ndi kumunsi kwa tsamba. Kumutu kukhale dzina la mwini akaunti, nambala ya akaunti, ndi nyengo yomwe sitetimentiyo ikunena, kuchokera tsiku lakuti kufika tsiku lakuti. Kumunsi kumakhala mawu onga `Page 1 of 3`. Ngati mwalandira zithunzi ziwiri pomwe masamba ndi atatu, imani pomwepo mufunse lachitatu. Njira ina yodziwira kuti palibe chasowa ndi iyi: nambala ya `Closing Balance` ya sitetimenti yapita iyenera kufanana ndendende ndi ya `Opening Balance` ya sitetimenti yotsatira. Zikasiyana, pali mwezi kapena tsamba lomwe simunalione.

Chaka chake ndi chiti

Kuyambira mu 2022 chaka chaboma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba pa 1 Julayi n'kutha pa 30 Juni, ndipo pali akuluakulu omwe m'mutu mwawo adakali ndi kalendala yakaleyo. Makampani ambiri apamsika wa masheya amatseka mabuku awo pa 31 Disembala, ndipo masitetimenti ambiri apachaka amatsata Januwale mpaka Disembala. Choncho sitetimenti imodzi ya chaka cha 2024 ili ndi miyezi itatu, Januwale mpaka Malichi, ya chaka china cha msonkho, ndi miyezi isanu ndi inayi ya chaka chotsatira. Musakopere nambala yaikulu yakumunsi yolembedwa `Total`. Pitani mzere ndi mzere, tsiku ndi tsiku, ndipo kuti mumalize chaka chimodzi cha msonkho mudzafuna masitetimenti awiri.

Tengani kope lachikuto cholimba. Chaka chilichonse cha msonkho chikhale ndi masamba ake awiri, limodzi la chiwongoladzanja, lina la phindu la masheya. Patsamba lililonse jambulani madanga asanu ndi limodzi: tsiku, wolipira, yonse, msonkho, yotsala, ndi lomaliza lolembamo ngati satifiketi ya msonkho mwailandira. Chifukwa chosiyanitsira masamba awiriwa ndichifotokoza tikamaliza kuwerengera.

Tiyerekeze ndi banja limodzi

Nambala zomwe zikubwerazi ndi zongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi komwe mudzakumane nako. Mayi wina wa ku Msaka amagula nsomba kwa asodzi n'kumatumiza ku Limbe. Ali ndi nambala ya msonkho ya TPIN ndipo chaka ndi chaka amapereka fomu ya zomwe wapeza. Mwana wawo wawatumizira zithunzi zitatu: cha akaunti yosungitsa ndalama kwa nthawi yoikika kubanki, cha masheya, ndi cha ndalama zomwe anabwereketsa boma. Chaka chomwe tikulemba ndi cha 1 Epulo 2024 mpaka 31 Malichi 2025.

Pachithunzi cha banki, mawu ofunika kuwasaka ndi `Interest` kapena `Int`, ndi `WHT` kapena `Withholding Tax`. Mzere wa chiwongoladzanja umakhala mbali ya `CR`, kutanthauza ndalama yolowa, ndipo wa msonkho umakhala mbali ya `DR`, ndalama yotuluka, nthawi zambiri tsiku lomwelo, mzere wotsatira. Masitetimenti ena saika `DR` koma amatsekera nambala yotulukayo m'mikutiramawu kapena kuiika kamzere kutsogolo. Kamzere kameneka ndi kamene kamasowa msanga pachithunzi chosaoneka bwino.

Mayiwa anasungitsa K2,000,000 pa 3 Juni 2024 kwa masiku 91, pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti pachaka. Pa 2 Sepitembala sitetimenti ikuonetsa `Interest` 59,835.62 ndi `WHT` 11,967.12. Musangokhulupirira maso anu. Tengani kakyuleta ya pafoni muwerengere nokha:

```
2000000 × 0.12 × 91 ÷ 365 = 59835.62
59835.62 × 0.20 = 11967.12
59835.62 − 11967.12 = 47868.50
```

Mzere woyamba ukutsimikiza kuti chiwongoladzanja mwachiwerenga bwino. Wachiwiri ukutsimikiza msonkho, popeza kwa zaka zambiri msonkho wodulidwiratu pa chiwongoladzanja wakhala K20 pa K100 iliyonse. Wachitatu ukupereka yotsala. Tsopano tinene kuti pachithunzipo nambala yotsalayo ikuoneka ngati 47,368.50, chifukwa pepala linapindika pa nambala yachitatu. Maso okha sangathe kusiyanitsa 3 ndi 8 pamalo opindika. Masamu ndiwo akuuzani kuti ndi 8, popeza 47,368.50 ikuperewera K500 kuti igwirizane ndi anzake awiriwo. Nambala zomwe zimasokonezana kwambiri pazithunzi ndi 3 ndi 8, 1 ndi 7, 5 ndi 6, komanso 0 ndi 8. Lamulo lake n'losavuta: yonse kuchotsapo msonkho ifanane ndi yotsala mpaka tambala yomaliza. Kusiyana kwa tambala imodzi kumachokera pa kudula nambala ndipo kulibe vuto. Kusiyana kwa makwacha athunthu, monga 50, 500 kapena 6,000, ndi chizindikiro choti pali nambala imodzi yomwe mwaiwerenga molakwika.

Mabanki ena amangoonetsa mzere umodzi wa ndalama yotsala. Zikatero mungathe kubwerera m'mbuyo: gawani yotsalayo ndi 0.8 ngati ndi chiwongoladzanja, kapena ndi 0.9 ngati ndi phindu la masheya, mupeza yonse. Koma nambala yopezeka motere ilembeni ndi pensulo kufikira mutaiona pa satifiketi, chifukwa ngati panadulidwanso ndalama ina ya ntchito ya banki, yankho lanu likhala lolakwika pang'ono.

Pa 2 Sepitembala mayiwa sanatape ndalamayo. Inasungidwanso kwa masiku ena 91, ndipo mpamba unakhala K2,047,868.50, kutanthauza wakale uja kuphatikiza chiwongoladzanja chotsala. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amataya mzere wathunthu. Poti palibe uthenga unalowa pafoni ndipo palibe ndalama inagwiridwa m'manja, amaona ngati sipanapezeke kanthu. Koma chiwongoladzanjacho chinalipidwa, msonkho unadulidwa, ndipo ziyenera kulembedwa pa tsiku lomwelo. Mukaona mawu oti `Rollover` kapena `Renewal`, yang'anani mizere iwiri yapamwamba pake. Zomwezi zimachitika kwa omwe amasunga ndalama m'thumba lamagulu, monga la Old Mutual Unit Trust: phindu likhoza kugulira mayuniti ena m'malo mobwera kuakaunti, ndipo pasitetimenti pamalembedwa `Reinvested` kapena `Distribution`. Imeneyonso ndi ndalama yopezedwa.

Pa 2 Disembala nthawi yachiwiri inakwana. Chiwongoladzanja chinali 61,267.74, msonkho 12,253.55, yotsala 49,014.19. Tsiku lomwelo mayiwa anatapa zonse, K2,096,882.69, kuti agule injini ya boti. Nambala yaikuluyi ndiyo imakopa maso pachithunzi, koma siilowa m'kope. Mkati mwake muli K2,000,000 yawo yomwe, yomwe yangobwerera kwa mwini wake. Ikuthandizani pa chinthu chimodzi chokha: mukachotsapo mpambawo patsala K96,882.69, ndipo imeneyi iyenera kufanana ndi zotsala ziwiri zija mutaziphatikiza. Zikufanana, ndiye kuti tsamba la banki latha bwino.

Chithunzi cha masheya

Apa pali mapepala amitundu iwiri omwe anthu amawasokoneza. Lina limachokera kwa buloka ndipo limaonetsa masheya omwe muli nawo ndi mtengo wake pamsika tsiku limenelo. Lina limachokera kwa osunga kaundula wa eni masheya a kampaniyo, ndipo limafotokoza za phindu lomwe lagawidwa; kumutu kwake kumakhala mawu onga `Dividend Advice`. Lachiwirili ndilo lathu. Pa loyambalo pali danga la `Market Value`, ndipo m'zaka zomwe mitengo ya masheya yakwera kwambiri nambala yake imasangalatsa. Si ndalama yolandiridwa. Ndi mtengo chabe womwe mukanapeza mukanagulitsa tsiku limenelo, ndipo siilowa patsamba la phindu. Kugulitsa masheya ndi nkhani ina yokhala ndi malamulo ake a msonkho. Mukagulitsa, pepala la buloka losonyeza mtengo wogulira ndi wogulitsira lisungeni palokha.

Makampani a kuno amalengeza phindu la sheya imodzi m'makwacha kapena m'matambala. Tambala 100 ndi kwacha imodzi, koma poti tambala sitiigwiranso m'manja, ana ambiri owerengera makolo awo amaona `325t` n'kuganiza kuti ndi K325. Ndi K3.25. Mayi a ku Msaka anali ndi masheya 20,000 m'kampani ina. Mu Julayi 2024 kampaniyo inalipira phindu lolembedwa `Final` la matambala 325 pa sheya. Masheya 20,000 kuchulukitsa ndi K3.25 ikukwana K65,000. Msonkho wa phindu la masheya kwa okhala m'dziko muno wakhala K10 pa K100 iliyonse, choncho panachoka K6,500, n'kutsala K58,500 ija tinayamba nayo. Mu Okutobala kunabwera lolembedwa `Interim` la matambala 150: yonse K30,000, msonkho K3,000, yotsala K27,000.

Pali misampha iwiri pano. Woyamba ndi wa chaka. Pepala la Julayi lija likunena kuti phinduli ndi la chaka cha kampani chomwe chinatha pa 31 Disembala 2023. Wina poona 2023 akhoza kulitaya kutsamba lachaka chapita. Phindu lomaliza limayamba lavomerezedwa pamsonkhano waukulu wapachaka wa eni masheya, womwe umachitika patapita miyezi ingapo mabuku atatsekedwa, n'chifukwa chake limafika mochedwa. Inu tsatani tsiku lolembedwa `Payment Date`.

Msampha wachiwiri ndi wa chiwerengero cha masheya. Mayiwa anagula ena 5,000 mu Novembala, kotero sitetimenti ya buloka ya Disembala ikuonetsa 25,000. Mukachulukitsa 25,000 ndi K1.50 mupeza K37,500, ndipo mudzayamba kukayika kuti wina wakuberani K7,500. Palibe wakuba. Phindu limapita kwa yemwe dzina lake linali m'kaundula pa tsiku lolembedwa `Record Date`, ndipo tsikulo masheya anali 20,000. Imeneyi ndiyo nambala yochulukitsira. Koma ngati pa `Record Date` munali kale ndi masheya ndipo phindu silinafike konse, kawirikawiri chifukwa chake ndi akaunti ya banki yomwe munalembetsa pogula, yomwe mwina inatsekedwa kapena inagona. Ndalama yotero siitayika msanga; osunga kaundula a kampaniyo amaisunga ngati phindu losatengedwa, ndipo mukawapatsa akaunti yatsopano ndi chiphaso chaunzika amaitumiza.

Chithunzi chachitatu, chomwe chikudikira chaka chamawa

Mu Januwale 2025 mayiwa anabwereketsa boma ndalama kudzera kubanki yawo. Mapepala angongole zaboma zanthawi yochepa, omwe pasitetimenti amalembedwa `Treasury Bill` kapena `TB`, amagulitsidwa ndi Reserve Bank of Malawi ndipo amakhala a masiku 91, 182 kapena 364. Kawerengedwe kake n'kosiyana ndi ka akaunti yabanki. Simupatsidwa chiwongoladzanja pamwamba pa ndalama yomwe mwaika. Mumagula pepalalo pamtengo wotsika, n'kudzalandira mtengo wake wonse nthawi ikakwana. Mayiwa analipira K910,000, pa `Cost`, kugula pepala la masiku 182 la K1,000,000, pa `Face Value`. Chiwongoladzanja ndi kusiyana kwa ziwirizi, K90,000, ngakhale mawu oti `Interest` atapanda kuoneka paliponse. Msonkho wa K20 pa K100 udzadulidwa pa K90,000 yokhayo, yomwe ndi K18,000, ndipo kuakaunti kudzalowa K982,000.

Zimenezi zidzachitika mu Julayi 2025. Sitetimenti ya Malichi ikuonetsa danga la `Accrued Interest`, chiwongoladzanja chomwe chaunjikana kufika tsikulo koma sichinalipidwe, ndipo msonkho sunadulidwepo. M'kope la pakhomo mzere umenewu ulembeni patsamba lachaka chotsatira, ndi pensulo, kuti musadzauiwale, n'kudzaulemba ndi inki tsiku lomwe ndalama yalowa. Wokhala ndi kampani yolembetsedwa, yomwe mabuku ake amasungidwa ndi akauntanti, asiyire iyeyo nkhani ya chiwongoladzanja chounjikana, chifukwa mabuku akampani amachiwerengera mwa njira ina.

Masamba awiri a mayiwa a chaka cha 2024/25 akuoneka motere:

| Tsiku | Mtundu | Yonse | Msonkho | Yotsala |
|---|---|---|---|---|
| 2 Sepitembala 2024 | Chiwongoladzanja | 59,835.62 | 11,967.12 | 47,868.50 |
| 2 Disembala 2024 | Chiwongoladzanja | 61,267.74 | 12,253.55 | 49,014.19 |
| | Zonse | 121,103.36 | 24,220.67 | 96,882.69 |
| Julayi 2024 | Phindu la masheya | 65,000.00 | 6,500.00 | 58,500.00 |
| Okutobala 2024 | Phindu la masheya | 30,000.00 | 3,000.00 | 27,000.00 |
| | Zonse | 95,000.00 | 9,500.00 | 85,500.00 |

Ngati pakhomo pali wodziwa Excel kapena Google Sheets, aike madanga omwewa n'kuwonjezera lina kumapeto lokhala ndi `=ROUND(C2-D2-E2,2)`. Kupatula kusiyana kwa tambala imodzi kuja, mzere uliwonse womwe suonetsa 0 pamenepo uli ndi nambala yolakwika. Mafoni ambiri amakono amatha kukopera malemba kuchokera pachithunzi, ndipo zimenezi zimachepetsa kulemba. Komabe ine sindilangiza kuzidalira pa tsamba lamadanga ambiri, chifukwa foni ikakumana ndi danga lopanda kanthu imakokera nambala yotsatira kumanzere, msonkho n'kukhala pamalo pa chiwongoladzanja. Ngati mwakopera motero, yesani mzere uliwonse ndi masamu aja ngati kuti mwalemba pamanja. Ndi bwinonso kukhala awiri: wina awerenge mokweza kuchokera pachithunzi, nambala imodzi imodzi, wina atsatire ndi chala m'kope.

Chifukwa chosiyanitsira masamba awiri

Msonkho wa phindu la masheya ndi womaliza. Kampani ikadula K10 pa K100, nkhani yatha. Phindulo siliphatikizidwanso ndi ndalama za malonda kuti lidulidwe kachiwiri, ndipo msonkhowo simungaugwiritse ntchito kuchepetsera wa bizinesi yanu. Mukulilemba kuti mudzathe kufotokoza komwe K85,500 yolowa muakaunti inachokera, pa tsiku lomwe wa msonkho adzayang'ana sitetimenti ya banki n'kuganiza kuti ndi ya nsomba.

Msonkho wodulidwiratu pa zinthu zina zambiri umatengedwa ngati chikole cha msonkho wapachaka, ndipo umachotsedwa pa womwe mukuyenera kulipira mukapereka fomu. N'chifukwa chake K24,220.67 ya mayi a ku Msaka ndi nambala yoti isatayike. Munthu wolemba yotsala yokha, K96,882.69, amalakwitsa pawiri: wachepetsa zomwe anapeza, komanso wabisa msonkho womwe analipira kale. Malamulo a msonkho amasintha nthawi ya bajeti, ndi mapelesenti omwe, choncho chaka chilichonse yerekezani zomwe ndalemba pano ndi zomwe zili pa satifiketi yanu, ndipo popereka fomu funsani a MRA momwe chiwongoladzanja cha munthu payekha chikuwerengedwera chaka chimenecho. Fomu yapachaka imayenera kuperekedwa pasanathe masiku 180 chaka chitatha, ndiye kuti kwa wotsata chaka chaboma ndi kumapeto kwa Sepitembala. Ntchito ya zithunziyi muichite mu Epulo kapena Meyi, nthawi yofunsa tsamba losowa ikadalipo.

Chithunzi cha sitetimenti si umboni woti msonkho unafika ku MRA. Umboni ndi satifiketi ya msonkho wodulidwiratu, yomwe wodulayo ayenera kukupatsani. Pitani kunthambi ya banki yanu paboma muipemphe, ndipo muonetsetse kuti banki ndi buloka ali ndi TPIN yanu yolondola, kuti msonkhowo ulembedwe pa dzina lanu mu Msonkho Online. Satifiketi ikafika, yerekezani nambala zake ndi za m'kope, n'kuchonga danga lomaliza lija. Zikasiyana, musasinthe kope mwakachetechete. Tengani zonse ziwiri kubanki akufotokozereni mzere womwe wasiyanitsa.

Ndinenepo za mabanja ambiri achisilamu a m'boma lino omwe sadya chiwongoladzanja, ndipo chikalowa muakaunti amachipereka kwa osowa. Kope lomweli likuwathandiza kudziwa ndendende ndalama yoti aichotse, yomwe ili m'danga la yotsala. Koma kuipereka kwa ena sikufufuta mzerewo pamaso pa a msonkho. Ulembedwe basi.

Palinso mabanja omwe bambo kapena mwana ali ku Joni ndipo amatumiza zithunzi za masitetimenti a kumeneko. Amenewa asalowe patsamba limodzi ndi a kuno. Ndalama yake ndi randi, chaka cha msonkho cha munthu payekha ku South Africa chimayamba pa 1 Malichi n'kutha kumapeto kwa Febuluwale, msonkho wa phindu la masheya kumeneko ndi 20 peresenti, ndipo pepala lofotokoza chiwongoladzanja ndi phindu lapachaka limatchedwa `IT3(b)`. Atsegulireni tsamba lawo, mulembe m'marandi momwe ziliri, osasintha kukhala makwacha mongoganizira.

Kusunga

Pachithunzi cha sitetimenti pali dzina, nambala ya akaunti ndi kuchuluka kwa chuma chanu, zinthu zomwe akuba apafoni amafuna kuti akuimbireni ngati ogwira ntchito kubanki. Musachitumize kugulu la WhatsApp la banja kapena la mpingo pofunsa thandizo; tumizani kwa munthu mmodzi yemwe mukumukhulupirira. Mukapita kokasindikiza, imani pomwepo mpaka wosindikizayo afufute fayiloyo pakompyuta ndi pafoni yake.

Foni imagwa m'madzi, imabedwa, imadzaza n'kufufutidwa ndi adzukulu. Chithunzi chilichonse chomwe mwatolapo nambala chisindikizeni, ndipo pakona mulembe chaka cha msonkho ndi mzere wa m'kope womwe chikuimira. Timapepala ta pamakina a banki, tosalala tija, timafufutika tokha m'miyezi yochepa ndi kutentha kwa kunyanja kuno, choncho tichiteni fotokope sabata yomweyo. Mapepala onse a chaka chimodzi alowe mu envulopu imodzi, envulopuyo m'jumbo yomanga bwino chifukwa cha chinyezi ndi chiswe, ndipo muisunge zaka zisanu ndi ziwiri musanaganize zoitaya. Pafoni, sinthani dzina la fayilo lichoke pa manambala aatali omwe kamera imapereka likhale lomveka, monga `2024-09-02-banki-chiwongoladzanja`, kenako mudzitumizire nokha pa imelo kuti foni ikatayika mudzazipeze pafoni ina.